Matumba angati, ufa wochuluka bwanji? Mawu anayi a Chingerezi amene amasokoneza maimelo a ku ofesi



Masabata apitawa ndinakumana pa depoti ya maminibasi ku Limbe ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo. Pano akugwira ntchito yosunga katundu pa sukulu ina yogonera konko. Titapatsana moni, anatulutsa foni n'kundionetsa imelo imene analembera abwana ake. Mzere umene unamubweretsera mavuto unali uwu: *We received less bags of flour than we ordered.* Abwanawo anamuyankha ndi funso limodzi lokha: kodi chaperewera ndi matumba kapena ufa? Iye anaona ngati akungomuvutitsa. "Aphunzitsi, si zofanana zimenezi?" anandifunsa.

Ndinamuuza kuti si zofanana, ndipo kusiyana kwake ndi ndalama. Ine si mphunzitsi wa Chingerezi, koma makalata a komiti ndi maimelo a ku ofesi amadutsa m'manja mwanga kawirikawiri, ndipo mawu anayi awa, *fewer*, *less*, *many* ndi *much*, ndimawaona akupunthwitsa anthu ophunzira bwino. Ambiri mwa inu a Fomu 4 mukamaliza mayeso a MSCE mudzayambira ntchito zoterezi: kulemba za katundu, za antchito ndi za ndalama. Tiyeni tikonzeretu nkhaniyi.

Vuto limayambira m'chilankhulo chathu, yankho lilinso momwemo

M'Chichewa mawu oti "-mbiri" ndi "-chepa" amagwira ntchito paliponse. Timati anthu ambiri, madzi ambiri, shuga wambiri. Timatinso anthu ochepa, madzi ochepa, shuga wochepa. Palibe chimatikakamiza kuganiza ngati chinthucho chimawerengedwa kapena chimayezedwa. Chingerezi chimagawa pawiri. Zinthu zimene mungaziwerenge chimodzichimodzi zimatenga *many* mukafuna kunena kuti n'zambiri, ndi *fewer* mukafuna kunena kuti zachepa poyerekeza ndi zina. Zinthu zimene mumaziyeza pa sikelo, m'botolo kapena m'chitini zimatenga *much* ndi *less*. Munthu amene mutu wake umaganiza m'Chichewa amangotola liwu limodzi, kawirikawiri *less*, n'kulimata paliponse.

Komabe kusiyanitsa kumeneku sikwachilendo kwa ife. Kuli m'mafunso athu. Mayi akatuma mwana ku msika wa Zingwangwa kukagula mazira, mwanayo amafunsa kuti, "Angati?" Akamutuma mafuta ophikira, safunsa kuti "mafuta angati?" Amafunsa kuti, "Ochuluka bwanji?" kapena "A ndalama zingati?" Palibe anamuphunzitsa lamulo, koma khutu lake limadziwa kuti dzira limawerengedwa pomwe mafuta amayezedwa.

Choncho muyeso woyamba ndi uwu. Musanalembe, dzifunseni funsolo m'Chichewa. Ngati funso lake ndi la "-ngati", monga aphunzitsi angati, madesiki angati, mabuku angati, lembani *many* kapena *fewer*. Ngati funso lake ndi "-chuluka bwanji", monga ufa, mpunga, madzi kapena penti, lembani *much* kapena *less*. Funso la "-ngati" ndi *how many*, la "-chuluka bwanji" ndi *how much*.

Taonani mmene zimayendera pawiripawiri. Magetsi a ESCOM sitiwawerenga, koma mayunitsi timawerenga. Ndiye timalemba *less electricity* koma *fewer units*. Madzi a Blantyre Water Board akamabwera mwa apo ndi apo timalemba *less water*, koma zigubu zimene tatungira ndi *fewer buckets* kapena *fewer drums*. Chinthu chake n'chimodzi, koma mukangotchula chotengera kapena muyeso wake, mwalowa mbali yowerenga.

Nkhani ya matumba a ufa

Tibwerere kwa mnyamata uja. Tiyerekeze kuti sukulu inaitanitsa matumba 40 a ufa, lililonse lolemera makilogalamu 50. Ufa wonse uyenera kukhala makilogalamu 2,000. Pali njira ziwiri zimene katunduyu angaperewerere.

Njira yoyamba: galimoto yafika, mwawerenga, mwapeza matumba 36. Thumba lililonse ndi lodzaza bwino. Apa chachepa ndi chiwerengero cha matumba. Imelo yake ndi iyi:

*We received fewer bags than we ordered: 36 instead of 40.*

Wowerenga akudziwa chochita nthawi yomweyo. Aimbira wogulitsa kuti abweretse matumba 4 otsalawo, kapena achotse mtengo wa matumba 4 pa invoisi. Mwina matumbawo anangotsala m'nyumba yosungira katundu ya wogulitsayo.

Njira yachiwiri: mwawerenga, matumba akwana 40. Koma mutawaika pa sikelo, lililonse likulemera makilogalamu 47. Ufa wonse ndi makilogalamu 1,880, ndipo makilogalamu 120 palibe. Apa matumba sanachepe, wachepa ndi ufa. Imelo yake ndi iyi:

*We received all 40 bags, but less flour than we ordered: 1,880 kg instead of 2,000 kg.*

Iyi ndi nkhani ina kotheratu. Funso tsopano ndi la sikelo ya wogulitsa, kapena la amene anatapa m'matumba panjira. Dalaivala angathe kuonetsa pepala limene munasainira kuti matumba 40 afika, ndipo sakunama.

Tsopano onani chimene mnyamata uja analemba: *less bags of flour*. Liwu la *less* likukokera maganizo ku ufa, liwu la *bags* likukokera ku chiwerengero, ndipo nambala palibe. Anthu ambiri angaganize kuti akunena za matumba, koma munthu amene akufuna kusaina cheke sayendera zongoganizira. N'chifukwa chake abwanawo anafunsa. Tsiku lathunthu linatha akuyankhana, ndipo wogulitsa atauzidwa mochedwa anayamba kukayikira ngati katunduyo sanasowere pa sukulu pomwepo. Pa nkhani za katundu wosowa, munthu woyamba kumuloza chala ndi wosunga makiyi.

Phunziro lachiwiri lili m'maimelo awiri olondolawo. Onse ali ndi manambala. Liwu loyenera limauza wowerenga mtundu wa vuto, nambala imamuuza kukula kwake. Musasiye chimodzi.

Pamene muyeso wa Chichewa umatinamiza

Muyeso wa "-ngati" umathandiza nthawi zambiri, koma uli ndi malire, ndipo malire akewo ali pa mawu amene timawalemba tsiku ndi tsiku mu ofesi.

Loyamba ndi ndalama. Ife timafunsa kuti, "Ndalama zingati?" Khutu lathu limati ndalama zimawerengedwa. Koma m'Chingerezi *money* ili mbali yoyezedwa, pamodzi ndi madzi ndi mchenga. Timalemba *how much money* ndi *less money*. *Many money* kulibe. Chimene chimawerengedwa ndi mapepala a ndalamawo kapena makobidi, *notes* ndi *coins*, osati *money*.

Pali mawu enanso otere amene amakonda kupezeka pa mndandanda wa katundu: *equipment*, *furniture*, *stationery*, *luggage*, komanso *information* ndi *advice*. Ife timati zipangizo zingati, mipando ingati. Chingerezi chimaona *equipment* ndi *furniture* ngati mulu umodzi. Choncho *equipments* ndi *furnitures*, ngakhale mumaziona zitalembedwa pa zikwangwani za mashopu ena m'tauni muno, musazilembe mu imelo ya ntchito. Lembani *less equipment* kapena *not much furniture*. Mukafuna kuwerenga, tchulani chinthu chenichenicho: *fewer desks*, *fewer chairs*, *fewer microscopes*. Liwu la *stock*, likamatanthauza katundu amene ali m'shelefu, lilinso mbali yomweyi: *less stock*, *how much stock*, koma *fewer items*, *how many cartons*.

Ndiye pakufunika muyeso wachiwiri wotsimikizira woyamba uja. Yesani kuika nambala 3 kutsogolo kwa liwu la Chingerezilo. *Three desks* zikumveka, ndiye *fewer desks*. *Three furnitures* sizikumveka, ndiye *less furniture*. Musadalire chilembo cha *s* chokha. *People* ndi *children* alibe *s* kumapeto koma amawerengedwa, pomwe *news* ili ndi *s* koma siwerengedwa.

Mawu ena amakhala mbali zonse ziwiri, ndipo tanthauzo limasintha. *We need less paper this term* akunena za mapepala osalembapo, aja timagula m'marimu. *We have fewer papers this term* akunena za mapepala a mayeso kapena zikalata. Wina akalemba kwa basala kuti *We need more papers for Form 2* pomwe akufuna marimu osindikizira, asadabwe akafunsidwa kuti mayeso ake ati. Chimodzimodzi *less time* ndi nthawi yochepa, *fewer times* ndi maulendo ochepa.

Za antchito: chiganizo chimene chinganyoze anzanu

Liwu la *staff* limavuta chifukwa limaimira gulu. M'Chingerezi cha ku Britain, chimene sukulu zathu zimatsatira, n'zololedwa kulemba *We have 24 staff* ndi *How many staff are on duty?* Anthu amawerengedwa, choncho timalemba *fewer staff*. Chimene tiyenera kupewa ndi *staffs* ponena za anthu a pa malo amodzi, komanso *a staff* ponena za munthu mmodzi. Munthu mmodzi ndi *a member of staff*. Mukakayikira, lembani *fewer members of staff* kapena tchulani ntchito yawo: *fewer teachers*, *fewer cooks*, *fewer guards*.

Koma ngozi yeniyeni ili apa. Liwu la *less* lili ndi ntchito inanso: limachepetsa mphamvu ya liwu lofotokoza limene lili patsogolo pake. *Less expensive* ndi chotsikirako mtengo, *less experienced* ndi wosazolowera ntchito kwenikweni poyerekeza ndi wina. Tsopano tiyerekeze kuti pa sukulu ina aphunzitsi a sayansi anali 6, awiri achoka, atsala 4. Wachiwiri kwa ahedi akulembera komiti kupempha kuti ilembe ena ntchito, ndipo walemba:

*We have less qualified teachers in the science department this term.*

Iye akutanthauza kuti chiwerengero chatsika. Koma chiganizochi, monga chalembedwera, chikunena kuti aphunzitsi amene alipo teremu ino ndi a maphunziro otsika poyerekeza ndi a kale. *Less* yagwira *qualified*, sinagwire *teachers*. Imeloyo ikafika kwa wapampando wa komiti, funso lake silikhala loti tilembe angati, koma loti ndani analemba ntchito anthu osayenera. Ikafikanso m'manja mwa aphunzitsi anayi otsalawo, amene akunyamula ntchito ya anthu 6, ubale wa mu ofesi wawonongeka. Chimene ankafuna kulemba ndi ichi:

*We have fewer qualified teachers in the science department this term: four instead of six.*

Apa palibe wanyozedwa, ndipo pempho lamveka. Samalani nthawi iliyonse pamene pakati pa *less* ndi dzina la anthu pali liwu lofotokoza, monga *experienced*, *skilled*, *reliable* kapena *active*. *Less reliable drivers* ndi madalaivala osadalirika. *Fewer reliable drivers* ndi madalaivala odalirika amene achepa.

Dziwaninso kuti *more* alibe mnzake womuthandiza. *More qualified teachers* ingatanthauze aphunzitsi ochuluka kapena aphunzitsi ophunzira kwambiri. Pamenepo nambala ndiyo imapulumutsa: *two more qualified teachers* kapena, momveka bwino koposa, *two additional teachers*.

Za bajeti: pamene nambala imatenga *less*

Wophunzira wakhama akagwira lamulo loti zowerengedwa zimatenga *fewer*, amayamba kulipitiriza. Amaona K300,000, n'kunena kuti makwacha amawerengedwa, ndiye amalemba *fewer than K300,000*. Apa walakwa. Ndalama, nthawi, mtunda ndi kulemera, ngakhale zili ndi nambala, zimatengedwa ngati mulingo umodzi wathunthu. Munthu akati watsala ndi K300,000 sakuganiza za kwacha iliyonse payokha, akuganiza za kukula kwa thumba lake. Choncho timalemba *less than K300,000*, *less than two weeks*, *less than 50 kg*, *less than five kilometres*. Koma anthu ndi zinthu zimene zimaima pazokha zimakhalabe ndi *fewer*: *fewer than 30 students*, *fewer than ten laptops*.

Mitengo ndi fizi zili ndi liwu lawolawo. Sizichepa, zimatsika. *Fewer fees* ingatanthauze kuti mitundu ya zolipira yachepa, mwina kale kunali zolipira zisanu pano zatsala zitatu. Ngati mukutanthauza kuti ndalama yolipira yatsika, lembani *lower fees*, *lower prices*, *lower costs*. Kholo likawerenga kalata ya sukulu liyenera kudziwa ngati chachotsedwa ndi cholipira china kapena ngati mtengo watsitsidwa.

Nthawi zina mawu awiriwa amakumana m'chiganizo chimodzi, ndipo pamenepo m'pamene phindu lake limaonekera. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, maofesi ambiri anapezeka kuti bajeti ili yomweyo koma katundu wogulika wachepa. Wolemba wosamala akanatha kufotokoza motere: *The budget is not smaller, but it buys fewer reams of paper and less cooking oil.* Marimu awerengedwa, mafuta ayezedwa, ndipo komiti yamva kuti palibe anadula bajeti.

Pomaliza pa za ndalama, mudzaona *less* itaima payokha pa invoisi kapena pa kotesheni, monga *Total K850,000, less deposit K200,000, balance K650,000*. Apa *less* ikutanthauza "kuchotsapo". Ndi liwu la masamu, ndipo *fewer* salowapo ngakhale pang'ono.

*Much* ndi *many* m'chiganizo wamba

Pali kanthu kena kakang'ono kokhudza *much*. Liwuli limakhala bwino m'mafunso ndi m'ziganizo zokana: *How much sugar is left?* ndi *We do not have much sugar.* Koma m'chiganizo chovomera limamveka lolemera. *We have much sugar* si cholakwa chachikulu, koma eni chilankhulo salemba choncho mu imelo. Amalemba *We have a lot of sugar* kapena *We have enough sugar*. Likatsagana ndi *too* kapena *so* limabwerera m'malo mwake: *too much sugar*, *too many cartons*. Ndipo *a lot of* imagwira mbali zonse ziwiri, choncho ndi pothawira pabwino mukakayikira.

Mawu a *number* ndi *amount* amatsatira mzere womwewu. *The number of students*, koma *the amount of rice*. Potseka imelo, *Many thanks* ndi *Thank you very much* zonse n'zolondola. *Much thanks* isiyeni.

Kodi lamuloli ndi lolimba bwanji?

Wina anganene kuti wamvapo azungu enieni akunena *less people*. N'zoona. *Less* yakhala ikugwiritsidwa ntchito ndi zinthu zowerengedwa kuyambira kalekale, ndipo imapezeka chotero ngakhale m'zolemba za nthawi ya Mfumu Alfred ya ku England, zaka zoposa 1,000 zapitazo. Lamulo limene timaphunzitsa lero limalondoledwa kwa munthu wina dzina lake Robert Baker, amene mu 1770 analemba m'buku lake lonena za Chingerezi kuti iye akuona kuti *fewer* imamveka bwino pa zinthu zowerengedwa. Maganizo a munthu mmodzi anasanduka lamulo la m'kalasi. Mpaka lero eni akewo amakanganabe. Mu 2008 sitolo zazikulu za Tesco ku Britain zinayamba kusintha zikwangwani zolembedwa *10 items or less* n'kuika *Up to 10 items*, anthu atadandaula.

Ndiye polankhula ndi mnzanu pa bwalo la mpira, palibe adzakuimitseni chifukwa cha *less goals*. Koma polemba za ntchito tsatirani lamuloli, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amene amawerenga kalata yanu yofunsira ntchito kapena lipoti lanu anaphunzira lamulo lomweli, ndipo amaliona likaphwanyidwa. Chachiwiri, monga taonera pa ufa ndi pa aphunzitsi a sayansi, pali malo amene liwu lolakwika limanena chinthu china chimene inu simunafune kunena. Dziwaninso kuti kumasukaku kuli pa *less* yokha. *Fewer money* ndi *much teachers* palibe amazivomereza, kaya polankhula kaya polemba.

Yesani nokha

Nayi imelo yaifupi yokhala ndi zolakwa zisanu. Zipezeni musanawerenge yankho.

*Dear Sir, we have less students in the hostel this term, so we need less mattresses. However, we do not have many stock in the kitchen, and fewer than K400,000 is left. Please advise how many money we can spend.*

Ophunzira amawerengedwa: *fewer students*. Matiresi amawerengedwa: *fewer mattresses*. *Stock* ndi mulu: *much stock*. Ndalama yotsala ndi mulingo umodzi: *less than K400,000*. Ndipo chomaliza ndi msampha wa "ndalama zingati" uja: *how much money*. Ngati mwapeza zonse zisanu, chitaninso chimodzi chimene imeloyi ikusowa. Ikani manambala: ophunzira angati, matiresi angati, ndi katundu uti wa kukhitchini amene watsala pang'ono, wolemera bwanji.

Mnyamata wa ku Limbe uja ndinamufunsa kuti pamapeto pake chinaperewera chinali chiyani. Anati matumba anayi, ndipo anapezeka kwa wogulitsa. Ndinamuuza kuti ulendo wina, chala chisanagunde *Send*, adzifunse funso limene mayi ake akanamufunsa pakhomo: angati, kapena wochuluka bwanji?